Nambala imalemera ndi malo amene yakhala

Ikani pamphasa ndalama zinayi izi: K1,000 yapepala, K100 yapepala, K10 yachitsulo ndi K1 yachitsulo. Zonse pamodzi ndi K1,111. Apa 1 walembedwa kanayi, komatu palibe munthu angalole kupereka K1,000 yake kuti alandire K1. Ma 1 onsewo maonekedwe ndi amodzi. Chawasiyanitsa ndi malo amene aliyense wakhala.

Zizindikiro zolembera nambala tili nazo khumi zokha, kuyambira 0 kulekezera 9. Nanga tikapitirira 9 timatani? Aphunzitsi a m'makalasi oyambirira amayankha funsoli ndi timitengo. Mwana amatola kamodzikamodzi, ndipo tikakwana khumi amatimanga ndi luzi kukhala mtolo umodzi. Polemba amaika 1 kumanzere, kutanthauza mtolowo, ndi 0 kumanja, poti palibe kamtengo katsala padera. Imeneyo ndiye 10. Mitolo ikakwananso khumi amaimanga pamodzi kukhala chimtolo cha timitengo 100, ndipo 1 uja amasunthiranso kumanzere. Malo amenewa kusukulu amawatcha mawani, mateni, mahandiredi ndi masauzande, kuyambira kumanja. Malo alionse ndi khumi la malo oyandikana nawo kumanja.

Tengani 444. Wakumanja ndi timitengo tinayi. Wapakati ndi mitolo inayi, ndiye kuti 40. Wakumanzere ndi zimitolo zinayi, ndiye kuti 400. Pakhale 4 khumi kuti mupeze 40, pakhale 40 khumi kuti mupeze 400. Koma pano ambiri amasokonezeka: zimenezi zimaoneka chonchi chifukwa chizindikiro ndi chimodzimodzi. Mu 352, 3 akuimira 300 pomwe 5 akuimira 50, ndipo ma 50 khumi si 300. Chimene chimakula kakhumi ndi malo, osati chilichonse cholembedwapo.

Ine ndimaona kuti mwana wamvetsa kapena ayi pa ziro. Muuzeni alembe 305. Wina adzalemba 35, poganiza kuti 0 alibe ntchito. Wina adzalemba 3005, kutsata mmene wamvera: 300, kenako 5. Onsewo sanadziwe kuti 0 akulondera malo a mateni kuti 3 asatsikiremo.

Pophatikiza ndi chimodzimodzi. Pa 47 ndi 38, mawani 7 ndi 8 akupanga 15. Amenewo ndi mtolo umodzi ndi timitengo tisanu, choncho timalemba 5, mtolowo n'kupita kwa anzake. Mateni 4 ndi 3, kuwonjezapo umodzi uja, akwana 8. Yankho ndi 85. Mwana amene sanamange mtolo amalemba 715, chonsecho nambala ziwirizo palibe yofika 50, ndiye sizingapitirire 100.

Makolo, mukaona 715 m'kope la mwana musamukalipire. Mutumeni akathyole timitengo, mumupatse luzi, amange yekha mitoloyo.