Pulogalamu Yoyamba Yafufuza Isanayankhe

Mapulogalamu a pakompyuta amene amayankha mafunso ngati munthu ali ndi chilema chimene ambiri sachizindikira. Zonse zimene amadziwa anazitola pa nthawi yophunzitsidwa, pamene ankawerengetsedwa zolemba zochuluka zedi, ndipo zimene zachitika maphunzirowo atatha sazidziwa. Choipa kwambiri n'chakuti pulogalamu yotere ikafunsidwa chinthu chachilendo, nthawi zambiri siivomera kuti sikudziwa. Imangolumikiza mawu omveka bwino, n'kupereka yankho lopeka mopanda kuphethira.

Njira imodzi yochepetsera vutoli imadziwika ndi dzina lachidule lakuti RAG. Dzinali linachokera mu kafukufuku amene Patrick Lewis ndi anzake a ku Facebook AI Research anatulutsa mu 2020. Mfundo yake ndi yosavuta: pulogalamu isayankhe za pamtima zokha, koma iyambe yafufuza m'nkhokwe ya zolemba, kenako iyankhe ikuona zimene yapezazo. Zili ngati wophunzira amene waloledwa kulowa ndi mabuku m'chipinda cha mayeso.

Nanga kufufuzako kumayenda bwanji? Lewis ndi anzake anatenga Wikipedia ya Chingelezi monga inalili mu Disembala 2018, n'kuidula m'tizidutswa ta mawu 100 kalikonse. Tonse tinakwana 21 miliyoni. Kachidutswa kalikonse kanasandutsidwa mndandanda wa manambala oimira tanthauzo lake, moti tizidutswa tokamba nkhani zofanana tinakhala ndi manambala oyandikana. Munthu akafunsa, funso lake nalonso limasandutsidwa manambala, ndipo makina amasankha tizidutswa tochepa, mwina 5 kapena 10, toyandikana kwambiri ndi funsolo. Timeneti timaperekedwa kwa pulogalamu yolemba yankho pamodzi ndi funso lija. Ubwino wofufuza potsata tanthauzo ndi wakuti funso lonena za “mtsogoleri wa dziko” lingathe kupeza ndime imene yalemba kuti “pulezidenti”, ngakhale mawuwo akusiyana.

Mbali ya kafukufukuyu imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse ndi mayeso ena aang'ono amene anachita. Anakonza nkhokwe ziwiri, ina ya Wikipedia ya mu Disembala 2016, ina ya mu Disembala 2018. Kenako anafunsa za maudindo 82 a atsogoleri a m'mayiko amene eni ake anasintha pakati pa nthawi ziwirizi, mwachitsanzo pulezidenti wa dziko la Peru. Kumeneko mu 2016 kunali Pedro Pablo Kuczynski, koma mu Malichi 2018 anatula pansi udindo ndipo Martín Vizcarra analowa m'malo mwake. Pulogalamuyo itapatsidwa nkhokwe ya 2016 inatchula molondola atsogoleri a 2016 pa mafunso 70 mwa 100 alionse. Itapatsidwa ya 2018 inakhoza 68 mwa 100 pa atsogoleri a 2018. Koma ataifunsa za atsogoleri a 2018 ili ndi nkhokwe yakale, inangokhoza 4 mwa 100.

Onani kuti pulogalamuyo sinaphunzitsidwenso, ntchito yomwe imadya ndalama zambiri ndi nthawi. Anangosintha nkhokwe basi, mayankho n'kusintha. Ichi ndicho RAG imawonjezera. N'chifukwa chake kampani kapena chipatala chingathe kuika malamulo ake m'nkhokwe, pulogalamu n'kumayankha potsata zolemba zimene sinazionepo pophunzira. Phindu lina ndi lakuti yankho lingabwere ndi ndime imene lachokera, kuti wofunsa adzionere yekha.

Komabe nambala ya 70 ija ikutiuzanso kanthu kena: ngakhale ndi nkhokwe yoyenera, mayankho 30 mwa 100 anali olakwika. Zolakwika zimalowera m'malo angapo. Makina angasankhe kachidutswa kofanana ndi funso koma kopanda yankho. Kudula kuja kungalekanitse lamulo ndi chiganizo chotsatira chimene chikunena amene lamulolo silikuwakhudza, ndiye yankho limatuluka la theka. Nthawi zina ndime yoyenera imapezeka ndithu, koma pulogalamu imaisakaniza ndi zimene inaloweza kale. Ndipo ngati m'nkhokwe muli zabodza, RAG imazibwereza mokhulupirika, n'kulozanso kumene yazitenga, zomwe zimachititsa bodzalo kuoneka ngati lotsimikizika. Kwa ife olankhula Chichewa pali vuto linanso: zolemba zathu pa intaneti ndi zochepa, choncho wofufuzayo kawirikawiri amabwerera chimanjamanja kapena amatola za Chingelezi zokamba za mayiko ena.

Choncho pulogalamu ikakupatsani yankho n'kutchula gwero lake, musakhutire poona kuti gwerolo lilipo. Litsekuleni, muone tsiku limene linalembedwa, ndipo mupeze chiganizo chenicheni chonena zimene yankholo likunena. Chikasowa, yankholo musaligwiritse ntchito, makamaka pa nkhani za mankhwala, malamulo ndi ndalama.