Kawerengedwe ka Mapointi mu Sikwashi ndi Zigamulo Zitatu za Woyimbira

Sikwashi amaseweredwa ndi anthu awiri m'chipinda cha makoma anayi, chotalika mamita 9.75 m'litali ndi mamita 6.4 m'lifupi. Awiriwo amasinthana kumenya kampira kamodzi ku khoma lakutsogolo, ndipo aliyense ayenera kukabweza kasanagunde pansi kawiri. Popeza palibe ukonde wowalekanitsa, nthawi zambiri amatsekerezana njira, ndipo n'chifukwa chake masewerawa ali ndi malamulo apadera oweruzira kutsekerezanako.

Kawerengedwe ka mapointi n'kosavuta. Wopambana pa mpira uliwonse amapeza pointi imodzi, kaya ndiye anauyambitsa kaya ayi, ndipo ndiye amayambitsa mpira wotsatira. Gemu imatha wina akafika pa 11. Koma akafanana pa 10-10, amapitiriza mpaka wina atatsogola ndi mapointi awiri, motero gemu ikhoza kuthera pa 12-10 kapena 15-13. Woyamba kupambana magemu atatu mwa asanu ndiye wapambana masewero onse. Kale gemu inkathera pa 9, ndipo pointi inkapita kwa woyambitsa mpira yekha. Bungwe la World Squash Federation linakhazikitsa kawerengedwe ka 11 m'chaka cha 2009.

Lamulo likuti wosewera akangomenya mpira achite zonse zotheka kuti apatukire mnzake. Mnzakeyo ayenera kuuona mpirawo bwino, kukhala ndi njira yolunjika yoti aufikire, kukhala ndi malo okwanira kutambasula laketi, komanso kukhala ndi ufulu womenya mbali iliyonse ya khoma lakutsogolo. Wosewera akaona kuti wamanidwa chimodzi mwa zimenezi, amaima nthawi yomweyo n'kupempha leti. Apa woyimbira amasankha chimodzi mwa zigamulo zitatu.

Leti ndi kubwereza mpirawo, mapointi osasintha. Imaperekedwa pamene wopemphayo akanatha kuubweza mpirawo, koma mnzake anayesetsa ndithu kupatuka. Imaperekedwanso wosewera akaima chifukwa cha mantha omveka oti angavulaze mnzake.

Sitiroko ndi pointi yopatsidwa kwa wotsekerezedwayo. Imaperekedwa ngati mnzake sanayesetse kupatuka, ngati waima pafupi kwambiri moti laketi singatambasulidwe n'komwe, kapena ngati waima pakati pa mpira ndi khoma lakutsogolo moti mpirawo ukanamugunda.

No leti ndi kukana pempholo, ndipo pointi imapita kwa mnzake wa wopemphayo. Woyimbira amagamula chotero ngati wopemphayo sakanaufikira mpirawo ngakhale njira ikanakhala yotseguka, ngati kutsekerezako kunali kochepa, kapena ngati wasiya njira yopita ku mpira n'kulunjika dala pa mnzake. Amene wamenya mpira kaye n'kumapempha leti ataona kuti waphonya, nayenso amakanizidwa.

Kulemera kwa zigamulozi kumaonekera bwino pamene gemu ili kumapeto. Mwachitsanzo, wovala jezi yofiira akutsogola ndi 10-9 ndipo ndiye wayambitsa mpira. M'kati mwa kusewera wamenya mpira kukona yakutsogolo yakumanzere, ndipo wa jezi yoyera, pothamangira mpirawo, wagundana naye n'kupempha leti.

Woyimbira amayamba wadzifunsa ngati wa jezi yoyerayo akanaufikira mpirawo. Ngati mpirawo unali wotsika kwambiri ndipo unagunda pansi kachiwiri iye akadali pakati pa bwalo, chigamulo ndi no leti, ndipo gemu yatha 11-9. Ngati akanaufikira, funso lachiwiri ndi lakuti kodi wa jezi yofiira anayesetsa kupatuka. Akapezeka kuti anali kale m'njira yochokapo, ndi leti: mapointi akhalabe 10-9 ndipo wa jezi yofiira ayambitsanso mpira kuchokera mbali yomwe ija. Koma ngati mpira wake unabwerera pafupi ndi thupi lake, iye n'kungoima pomwepo pamene mnzake wakweza kale laketi, ndi sitiroko. Mapointi afika pa 10-10, ndipo wa jezi yoyera ndiye ayambitsa mpira.

Pamene oyimbira amasiyana maganizo kawirikawiri ndi pa malire a leti ndi sitiroko, chifukwa kuyesetsa kupatuka kulibe muyeso wake wokhazikika. Kusiyana kwina n'kwakuti laketi ikangokhudza mnzake pang'ono iye akupatuka, ndi leti, koma ikalepheretsedweratu ndi sitiroko ngakhale mnzakeyo anayesetsa. Kulinso osewera ochenjera amene amathamangira thupi la mnzawo pofuna sitiroko yaulere, ndipo woyimbira amawazindikira poyang'ana kumene mapazi awo akuloza, ku mpira kapena kwa munthu. M'mipikisano ikuluikulu ya akatswiri, wosewera wosakhutira angapemphe kuti chigamulo chiunikidwenso pa kanema. Pamene awiri akusewera popanda woyimbira, mwambo ndi wakuti akalephera kugwirizana, amabwereza mpirawo.