Kapepala ka mankhwala opopera a mphumu: kuchoka pa cholembera cha dokotala kufika m'manja mwa wodwala

Pa chipatala chachikulu cha Neno pali kiliniki ya matenda amgonagona yotchedwa IC3, yomwe Unduna wa Zaumoyo udayambitsa mu 2015 mogwirizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo. Kumeneko munthu wa mphumu amakhala pa benchi limodzi ndi wa shuga, wa khunyu ndi womwa ma ARV. Koma wa mphumu amasiyana ndi anzakewo pa chinthu chimodzi. Piritsi ukalimeza, lalowa. Mankhwala opopera amatha kuthera pa lilime ndi kukhosi osafika m'mapapo, mwini wake akukhulupirira kuti akutsatira malangizo. N'chifukwa chake kapepala kofotokoza kapoperedwe si kokongoletsera. Ufulu wa wodwala wodziwa za chithandizo chake umathera pomwepo ngati wapita kwawo ku Dambe kapena ku Nsambe asanamve.

Tiyerekeze kuti dokotala walemba mfundo zisanu mothamanga pakati pa odwala: khutchumulani, salibutamolu kupopera kawiri, PRN, bekulometazoni kupopera kawiri, BD, chukuchani mkamwa, bwererani zikafika poipa. Mfundozi n'zoona, koma adazilembera mnzake wodziwa kale. Amene wapatsidwa ntchito yokonza kapepala, kaya ndi namwino kapena mkulu wofalitsa uthenga wa zaumoyo m'boma, asayambe ndi kumasulira. Ayambe ndi kubwerera kwa dokotalayo ndi mafunso, ndipo pomwe dokotala sanalembe, wolemba asadzaziremo za m'mutu mwake.

Funso loyamba ndi la mankhwala enieni omwe ali ku famase. Kawirikawiri salibutamolu amabwera m'kachitini kobiriwira ngati thambo ndipo bekulometazoni m'kofiirira, koma makampani amasiyana. Kulemba mtundu wokha n'kuika wodwala pangozi tsiku lomwe katundu adzasinthe. Ndi bwino kulemba dzina monga lilili pa kachitini, kuikapo chithunzi, ndi kusiya mpata woti wa ku famase alembepo mtundu wake ndi cholembera.

Chachiwiri ndi ntchito ya mankhwala awiriwa, yomwe dokotala sanaitchule n'komwe chifukwa kwa iye n'chodziwikiratu. Salibutamolu amamasula njira za mpweya m'mphindi zochepa, choncho ndi wa nthawi yomwe munthu wabanika. Bekulometazoni amachepetsa kutupa kwa njirazo pang'onopang'ono, ndipo munthu akapopera samva kusintha kulikonse nthawi yomweyo. Zotsatira zake, wodwala amakonda woyambayo n'kusiya wachiwiri, poganiza kuti sagwira. Ine ndimaona kuti chiganizo chofunika kwambiri pa kapepala konse ndi ichi: poperani bekulometazoni m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, ngakhale mukupeza bwino. Taonani kuti BD sitinailembe kuti “kawiri pa tsiku”. Munthu akawerenga “kupopera kawiri, kawiri pa tsiku” amasokonezeka, ndipo wina amapopera zonse nthawi imodzi. Kutchula m'mawa ndi madzulo, ndi kujambula dzuwa lotuluka ndi lolowa, kumatseka mpata umenewo. PRN nayo isanduke zizindikiro zomwe munthu amazimva m'thupi: chifuwa chikathina, mpweya ukamalira m'chifuwa, kapena kutsokomola kukakana kuleka.

Kenako mawu amodzi aja oti khutchumulani akuyenera kutambasuka n'kukhala ndondomeko, chiganizo chilichonse chochita chimodzi. Chotsani chivindikiro. Khutchumulani kachitini kali choimirira, kotulukira mankhwala kali pansi. Tulutsani mpweya wonse kumbali. Tsekani milomo mozungulira kotulukirako. Yambani kukoka mpweya pang'onopang'ono, ndipo mukangoyamba dinani kamodzi, n'kupitiriza kukoka. Sungani mpweyawo mukuwerenga mumtima mpaka 10, kapena mpaka pomwe mungathe. Dikirani pafupifupi mphindi imodzi, khutchumulaninso, ndipo bwerezani. Apa mpomwe ambiri amaphonya: amadina kawiri motsatizana pa mpweya umodzi, kapena amadina atamaliza kale kukoka. Chizindikiro chake n'chooneka ndi maso. Ngati kautsi kakutuluka mkamwa kapena m'mphuno, mankhwala sanatsike. Chimenechi chilembedwe, kuti wodwala azidziyesa yekha kunyumba.

Kwa ana, okalamba ndi aliyense amene dzanja ndi mpweya sizikumugwirizanira, pamafunika chotengera mpweya chapakati. Kafukufuku wa Heather Zar ndi anzake ku Cape Town, yemwe adasindikizidwa mu 1999, adaonetsa kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500 lobooledwa pansi limathandiza ana a mphumu mofanana ndi chogula. Kapepala kangathe kulitchula, koma kanene kuti botololo likonzedwe ndi kuonetsedwa kuchipatala, chifukwa bowo likakula mankhwala amathawira m'mbali.

Kuchukucha mkamwa kupatsidwe chifukwa chake, apo ayi anthu sachita: bekulometazoni akatsalira mkamwa amabweretsa zoyerayera pa lilime ndi kusasa mawu. Chukuchani ndi madzi, lavulani, musameze.

Pali mfundo ina yomwe dokotala sanalembe koma ya phindu kwa munthu wa ku Neno, komwe misewu ya kumapiri imavuta nthawi ya dzinja. Nthawi zambiri kachitini kamakhala ndi mapopedwe 200 ndipo kalibe chowerengera. Wopopera kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo amatha 4 pa tsiku, ndiye kuti kachitiniko n'ka masiku 50. Pambuyo pake kangathe kumatulutsabe kautsi koma mankhwala atachepa kapena atatha. Kapepala kakhale ndi malo olembapo tsiku loyamba ndi tsiku lokatenga kena, ndipo wolemba afunse ngati tsiku lobwerera ku kiliniki likugwa masiku 50 asanakwane.

“Zikafika poipa” ndi mawu oopsa kwambiri pa mfundo zonse zisanu, poti aliyense ali ndi muyeso wake wa kupirira. Alembedwe motere: ngati simungathe kumaliza chiganizo chifukwa chobanika, ngati mwapopera salibutamolu koma simukupeza bwino, ngati mwana akulephera kuyamwa kapena nthiti zikulowa mkati, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, mukupopera panjira monga adakulangizirani. Mabuku a kunja amanena za milomo kusintha mtundu, koma pa khungu lathu zimenezi zimaoneka bwino pa lilime ndi mkati mwa milomo. Chiwerengero cha mapopedwe a pangozi achilembe dokotala mwini, osati wolemba.

Zolembazo zikatha zibwerere kwa dokotala kuti atsimikize kuti tanthauzo silinasinthe, zipite kwa wa ku famase, kenako kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma kuti avomereze, ndipo pansi pake palembedwe tsiku. Koma kuyesa kwenikweni kumachitikira pa benchi. Mupatseni wodwala kapepala ndi kachitini kopanda mankhwala, inu mukhale chete. Musamufunse kuti “Mwamva, amayi?” chifukwa mwaulemu adzati eya. Nenani kuti, “Amayi, tandionetsani mmene mukachitire kunyumba.” Yesaninso ndi agogo osadziwa kuwerenga, mdzukulu akuwawerengera, ndiponso ndi alangizi a zaumoyo omwe adzakanyamule m'midzi. Anthu angapo akaphonya pamalo amodzi, cholakwika ndi chiganizocho, ndipo chilembedwenso chisanapite kosindikiza.