Yang'anani pansi musanafafanize

Bwerekani kakyuleta ya mwana wanu wa Fomu 3, mudine 12 ÷ 0. Ikakhala ya Casio, ija amanyamula ophunzira ambiri, ikuyankhani kuti `Math ERROR`. Mukayesa zomwezo pa kompyuta mu Excel, mutuluka `#DIV/0!`. Makinawo ali bwinobwino, kungoti mwawafunsa funso lopanda yankho. Funso lomweli limabisala m'masamu a kusekondale, pa mutu wa mafankishoni, ndipo limadya malikisi a ana amene njira yonse amaidziwa.

Fankishoni ili ngati chigayo: mumathira nambala, imene timaitcha x, kunsi n'kutuluka nambala ina. Manambala onse amene chigayocho chingalandire osatsamwa ndiwo amatchedwa domeni. Mtundu umene tikukamba pano aphunzitsi amautcha rashonolo fankishoni. Umaoneka ngati fulakishoni, pamwamba pali samu ya x, pansi palinso samu ya x. Yapamwambayo ndi nyumereta, yapansiyo ndi dinomineta. Kuwonkhetsa, kuchotsera ndi kuchulukitsa sikukana nambala iliyonse, ndiye pamwamba sipavuta. Vuto limabwera ndi mzere wapakatiwo, chifukwa tanthauzo lake ndi kugawa.

Nanga kugawa ndi ziro kwalakwanji? Kumbukirani mmene tinkatsimikizira samu yogawa kupulayimale. Timati 12 ÷ 3 ndi 4 chifukwa 4 × 3 imatibwezera 12. Ndiye pa 12 ÷ 0 tikufuna nambala yoti tikaichulukitsa ndi ziro itipatse 12. Yesani 5, yesani 1,000, yesani iliyonse: zonse zikupatsani ziro. Nambala yoteroyo kulibe.

Wina anganene kuti, chabwino, koma 0 ÷ 0 ndiye itheka. Apa vuto latembenuka. Tikufuna nambala yoti tikaichulukitsa ndi ziro itipatse ziro, ndipo 1 akukwanira, 7 akukwanira, −40 nayenso akukwanira. Poyamba paja yankho linasowa, pano mayankho achuluka osadziwa lotola. Fankishoni imayenera kutulutsa nambala imodzi pa nambala iliyonse yothiridwa, choncho nakonso kuno khomo n'lotseka.

Ngati zimenezi zikukuzungulitsani mutu, muli ndi anzanu otchuka. Brahmagupta, katswiri wa masamu wa ku India amene analemba malamulo owerengera ndi ziro m'chaka cha 628, ananena kuti ziro kugawa ndi ziro ndi ziro. Pamenepo anaphonya. Cha m'ma 1150, Bhaskara wachiwiri, wa ku India komweko, anati nambala yogawidwa ndi ziro imasanduka chinthu chopanda malire. Maganizo awiriwa tikumana nawo m'samu imodzi iyi:

f(x) = (x − 2) / (x² − 5x + 6)

Tikafunsidwa domeni yake, zapamwamba tizisiye kaye. Titenge dinomineta, tiifananitse ndi ziro: x² − 5x + 6 = 0. Tsopano tifune manambala awiri oti tikawachulukitsa apereke 6, tikawawonkhetsa apereke −5. Amenewo ndi −2 ndi −3. Dinomineta ija yasanduka (x − 2)(x − 3), ndipo zinthu ziwiri zochulukitsana zimapereka ziro pokhapokha chimodzi mwa izo chili ziro. Ndiye x = 2 kapena x = 3. Kuti titsimikize, tibwezere 3 m'malo mwa x: 9 − 15 + 6 ndi ziro. Tikabwezera 2: 4 − 10 + 6, zironso. Domeni ndi manambala onse kupatula 2 ndi 3, ndipo mwachidule timalemba kuti x ≠ 2, x ≠ 3.

Ntchito yake ndi yomweyi basi. Koma pali msampha, ndipo umakola ana ochenjera kuposa aulesi. Mwana wakuthwa maso amaona msanga kuti (x − 2) ali pamwamba ndi pansi pomwe. Amafafaniza, n'kutsala ndi 1/(x − 3), kenako n'kulemba monyadira kuti nambala yoletsedwa ndi 3 yokha. Theka la yankho lapita. Kufafaniza kuja ndi kugawa pamwamba ndi pansi ndi (x − 2), ndipo x akakhala 2, (x − 2) ndi ziro. Ndiye kuti pofafanizapo mwanayo analonjeza kale, mosadziwa, kuti x sadzakhala 2. Thirani 2 m'fankishoni yoyambirira ija muone: pamwamba ziro, pansi ziro. Ndi 0 ÷ 0 uja anapunthwitsa Brahmagupta.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti manambala awiri oletsedwawa khalidwe lawo n'losiyana kwambiri. Tiyandikire 3 pang'onopang'ono. Pa x = 3.1 fankishoni ikupereka 10. Pa 3.01 ikupereka 100, pa 3.001 ikupereka 1,000. Mukayandikira, yankho likukwera osaima, ndipo apa munthu akhoza kumumvetsa Bhaskara. Koma bwererani mudzere mbali inayo. Pa x = 2.9 yankho ndi −10, pa 2.99 ndi −100. Kuno likutsika osaima. Mbali ina ikuthawira kumwamba, ina ikuthawira pansi, ndiye pa 3 penipenipo mungaikepo nambala iti? Pa galafu, mzere wopindika umayenda m'mbali mwa mzere woongoka wa x = 3 osaukhudza. Mzere woongokawo ndi umene amautcha asimputoti.

Pa 2 palibe phokoso lotere. Pa x = 1.9 yankho ndi pafupifupi −0.91, pa 2.1 ndi pafupifupi −1.11, ndipo mbali zonse ziwiri zikulunjika pa −1. Munthu amangofuna kunena kuti basi, pa 2 yankho ndi −1. Koma fankishoni monga inalembedwera siitulutsa kanthu pamenepo. Galafu imadutsa bwinobwino, kungosowa kadontho kamodzi, ngati mkanda umodzi wothothoka pa chingwe. Pojambula timaikapo kabwalo kosadetsa m'kati. N'chifukwa chake cholakwachi chimavuta kuchigwira: mukangoyang'ana chithunzi cha galafu, bowolo silioneka.

Zolakwa zina n'zazing'ono. Ena amachotsanso manambala amene amapereka ziro pamwamba, pamene ziro wapamwamba yekha alibe mlandu. Mu (x − 5)/(x + 1), mukathira 5 mupeza 0 ÷ 6, yankho lake ziro, loyera bwino. Woletsedwa apo ndi −1. Ena akaona x² − 4 pansi amalemba 2 yekha, kuiwala kuti −2 kuchulukitsa ndi −2 ndi 4 yemweyo. Ndipo si fankishoni iliyonse ili ndi nambala yoletsedwa. Pansi pakakhala x² + 1, palibe chochotsa, chifukwa nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe siitsika kupitirira ziro, ndiye mukawonjezerapo 1 simungafike pa ziro. Domeni yake ndi manambala onse, ndipo mwana asachite mantha kulemba choncho.

Madzulo ano mupatseni mwana uja iyi, inunso muiyese pambali: g(x) = (x + 1)/(x² − 1). Manambala oletsedwa alipo awiri. Mukapeza imodzi yokha, mwafulumira kufafaniza.