Chithunzi cha siginecha sichiteteza kontirakiti yanu

Ambiri akalandira kontirakiti ya PDF amasaina papepala, n'kujambula siginechayo ndi foni, n'kumata chithunzicho pansi pa tsamba lomaliza. Zimaoneka bwino ndithu. Koma aliyense amene walandira fayiloyo angathe kudula chithunzicho n'kuchimata pa pangano lina, kapena kusintha mawu a pamwamba osakhudza siginecha. Palibe chimene chimamangiriza chithunzicho ku mawu amene munavomera.

Tiyerekeze kuti mwagwirizana ndi wamalonda kuti akubweretsereni matumba a chimanga pa mtengo wa K4,500,000. Patapita miyezi iwiri iye akutulutsa PDF yolembedwa K5,400,000, siginecha yanu ili pomwepo. Inunso muli ndi yanu. Mapepala awiri, siginecha imodzi, ndipo palibe chosonyeza kuti yoona ndi iti.

Siginecha ya dijito imatseka mpata umenewu ndi masamu. Mukamasaina, pulogalamu imawerenga zonse za m'fayilo n'kutulutsa nambala yaitali, kawirikawiri mwa njira ya SHA-256. Nambalayi ili ngati chidindo cha chala cha fayiloyo: mukasintha ngakhale 4 kukhala 5, imatuluka ina kotheratu. Kenako pulogalamu imadinda nambalayo ndi kiyi yachinsinsi imene muli nayo inu nokha, n'kuika zonse m'kati mwa PDF pamodzi ndi satifiketi yonena kuti kiyiyo ndi ya ndani. Wolandira akatsegula, kompyuta yake imawerenganso fayiloyo n'kuyerekeza. Zikasiyana, imadziwa kuti pena pakhudzidwa.

Adobe Acrobat Reader yaulere imachita zimenezi, koma ambiri amasokera pa khomo. Amapita pa Fill & Sign, pamene pamangoika chithunzi chomwe chija. Koyenera ndi pa Use a certificate, kapena Certificates m'mapulogalamu akale, kenako Digitally sign. Kokani kabokosi pamene siginecha ikhale. Ngati mulibe Digital ID, pulogalamu ikufunsani kuti mupange: dzina, imelo ndi pasiwedi, ndipo imasunga kiyi yanu m'fayilo yothera ndi .pfx. Mukadina Sign, sungani PDF ndi dzina latsopano kuti yosasainidwa itsale. Pali kabokosi ka Lock document after signing. Kasiyeni ngati mnzanu sanasainebe, chifukwa mukakachonga iye sadzathanso kusaina.

Nkhani yaikulu ili pa satifiketi. Imene mwapanga nokha imasonyeza bwino kuti fayilo sinasinthidwe, koma dzina lolembedwamo ndi inu nomwe mwadzichitira umboni. Wina aliyense angapange yake n'kulembamo dzina lanu. N'chifukwa chake mnzanu akatsegula amaona chenjezo lakuti At least one signature has problems. Nthawi zambiri sizitanthauza kuti pangano lasinthidwa, koma kuti kompyuta yake sikumudziwa wosainayo. Ngati mumachita malonda pafupipafupi, tumiziranani masatifiketi poyamba, muimbirane foni n'kuwerengerana nambala ya satifiketi kuti mutsimikize, kenako aliyense aiike pa ndandanda ya odalirika. Koma pa pangano la ndalama zambiri ndi munthu wosamudziwa, ine ndingati gulani satifiketi ku makampani monga GlobalSign kapena DigiCert, amene ali pa ndandanda ya Adobe yotchedwa AATL. Iwo amayamba atsimikiza kuti ndinu ndani, ndipo kiyi imakhala pa kachipangizo ka USB kapena pa makina awo otetezedwa. Zikatero, wolandira amaona mawu akuti Signed and all signatures are valid popanda kukonza chilichonse.

Tibwerere kwa wachimanga uja. Atasintha nambala m'kati mwa fayilo, Reader ingalembe kuti At least one signature is invalid. Atangowonjezera china pamwamba pa zosainidwa, Signature Panel imanena kuti fayilo yasinthidwa, ndipo View Signed Version imaonetsa pangano monga linalili pa nthawi yosaina, K4,500,000 yake ili pomwepo.

Siginechayi imafa mosavuta. Mukasindikiza papepala, mukadutsitsa fayilo pa Print to PDF kapena pa mapulogalamu ochepetsa kukula kwake, kamatsala ndi kabokosi kooneka ndi maso chabe. Ndipo mapulogalamu ambiri owerengera PDF pafoni amaonetsa kabokosiko osafufuza ngati siginecha ili yamoyo. Nthawi yosainira nayonso imachokera pa wotchi ya kompyuta yanu, imene ingabwezedwe m'mbuyo, pokhapokha mutagwiritsa ntchito seva yodinda nthawi.

Kuno ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza masiginecha a pakompyuta, ngakhale pa nkhani za malo ndi wilo ndi bwino kufunsa loya kaye. Fayilo ya .pfx ndi pasiwedi yake musapatse munthu, ngakhale mlembi wanu: amene ali nazo angathe kusaina m'dzina lanu, ndipo kompyuta idzavomera.