Pepala limodzi lothandiza mwana wa otizimu m'kalasi

Mvula ikayamba kugunda denga la malata m'kalasi ya ana oposa 80, aphunzitsi amakweza mawu, ana nawonso amakweza awo. Ambiri amapirira. Koma pali mwana wina amene amatseka makutu ndi zikhatho, n'kuyamba kugwedeza thupi, kenako n'kuthawira panja mvula ili mkati. Wosadziwa amati ndi mwano. Nthawi zambiri si mwano ayi: mwana wa otizimu phokoso limamupweteka ndithu.

Otizimu ndi mmene ubongo wa mwana unakulira, ndipo amakhala nawo moyo wake wonse. Si kulodzedwa, si kulera molekerera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse linanena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 100 aliyense ali nawo. Kuno kwathu kuli aphunzitsi a maphunziro apadera, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, koma ndi ochepa poyerekeza ndi masukulu. Mwanayo tsiku lonse amakhala m'manja mwa mphunzitsi wa kalasi. N'chifukwa chake pamafunika pepala limodzi lokha, lonena za mwana ameneyo osati za otizimu wonse, loti mphunzitsi aliyense wolowa m'kalasimo aliwerenge m'mphindi ziwiri. Polilemba pakhale mphunzitsi wa kalasi, kholo, ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera ngati alipo. Mayi ake ndiwo amadziwa ngati mwana amaopa chigayo kapena wailesi, ndiponso chimene chimamukhazika mtima pansi.

Tiyerekeze kuti ndi mnyamata wa Sitandade 3, wolankhula pang'ono, wokonda masamu. Pa nkhani ya phokoso, pepala lake lisangoti "sakonda phokoso". Litchule phokoso lake: belu la limu ya galimoto imene imamenyedwa ndi chitsulo, kuyankha kwa kalasi yonse pamodzi, kukoka mabenchi, mvula padenga. Kenako linene chochita. Akhale kutsogolo chakumbali, kutali ndi zenera loyang'ana kumene kuli belu. Belu lisanalire, aphunzitsi amuuze chapansipansi kuti, "Belu lilira posachedwa, tseka makutu." Phokoso limene waliyembekezera amalipirira kusiyana ndi lomudzidzimutsa. Akhalenso ndi malo opumulira odziwika, kaya pakhonde pamene aphunzitsi akumuona, ndi kakhadi koti akakaonetsa apite kumeneko osafunsidwa mafunso. Malowo asamagwiritsidwe ntchito ngati chilango, chifukwa akatero adzawakana tsiku limene akuwafunitsitsa.

Mzere wofunika kwambiri papepalapo, mwa kuona kwanga, ndi wa zizindikiro zoyamba. Mwana sangofikira kukuwa. Amayamba ndi kung'ung'udza, kupukusa manja, kuluma kolala ya yunifomu kapena kubwereza mawu amodzimodzi. Imeneyo ndiyo nthawi yomutulutsa mwakachetechete. Zikafika poti akugubuduka pansi, samvanso zonena za munthu. Apo aphunzitsi achepetse mawu, asunthe anzake ndi zinthu zimene zingamuvulaze, ndipo asamugwire mwamphamvu pokhapokha ngati akuthamangira kumsewu kapena kumalo ena oopsa. Kukalipa kumangowonjezera phokoso limene layambitsa vutolo. Ndodo ndiye isayandikire n'komwe. Zokambirana zidikire mpaka mtima utakhala pansi.

Kusintha kwadzidzidzi kumavuta chifukwa mwanayu amadalira ndondomeko kuti adziwe chimene chikubwera. Mankhwala ake ndi otchipa: katoni yodulidwa, yokhala ndi zithunzi za zochitika za tsikulo motsatana, asembule, masamu, phala, Chichewa, buleki, kuweruka. Chikatha chimodzi, iye mwini atembenuze chithunzicho. Pakhalenso khadi limodzi lotanthauza "lero pasintha". Aphunzitsi ake akapita kumaliro, amene akuwagwirira ntchito aike khadilo mmawa, n'kumuuza kuti, "Lero madamu kulibe. Masamu ndiphunzitsa ine. Phala lili nthawi yomweyo." Kutchula zimene sizinasinthe n'kofunika mofanana ndi kutchula zimene zasintha. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndicho kulonjeza zosadziwika, monga kuti "abwera mawa", pofuna kumutonthoza. Mawa akapanda kubwera, mwana sakhulupiriranso ngakhale ndandanda ija.

Tsono pa malangizo ndi pamene aphunzitsi abwino ambiri amapunthwa osadziwa, poti chilankhulo chathu chaulemu chimakonda kuzungulira. Tamvani chiganizo ichi, chimene chimamveka m'makalasi ambiri: "Tiyeni tikonzeke, amene mwamaliza mudziwa chochita, enanu fulumirani tisanapite panja." Kwa mnyamata uja, muli mafunso osayankhidwa. Kukonzeka n'kutani? Iye ali m'gulu la omaliza kapena la enawo? Mawu amene wawagwira bwino ndi akuti "panja", choncho amanyamuka n'kutuluka, kenako n'kulangidwa chifukwa chochita zimene anamva.

Pepala liwaonetse aphunzitsi kanenedwe kena. Ayambe ndi kutchula dzina lake, pakuti mwina sadziwa kuti mawu akuti "nonse" akumukhudza iyenso. Kenako langizo limodzi: "Tsegula kope." Adikire masekondi pafupifupi 10 osawonjeza kanthu. Nthawi imeneyi imaoneka yaitali kwa munthu amene waima kutsogolo, koma ubongo wa mwanayo ukadali kusanthula mawuwo. Akapanda kuchita, abwereze mawu omwewo, chifukwa akasintha n'kunena kuti "tulutsa zolembera zako tiyambe", mwana amayambiranso kumasulira. Akatsegula kope, langizo lachiwiri: "Lemba samu 1 mpaka 5." Nambalazo zilembedwenso pabolodi, kuti aziona pamene ntchito ikuthera. Mawu amauluka, cholembedwa amabwererako.

Ndi bwinonso kunena chofunika kuchita m'malo mwa choletsedwa: "yenda" kusiyana ndi "usathamange". Funso lodzudzula ngati "Kodi pano ndi pamsika?" iye angaliyankhe moona mtima kuti "ayi", anzake n'kuseka, aphunzitsi n'kuona ngati chipongwe. Ndipo funso lakuti "Wamva?" silithandiza kwenikweni. Ana ambiri amangoti "eya", ena amabwereza liwu lomwelo kuti "wamva". Njira yodziwira ndiyo kumuuza kuti, "Ndionetse pamene uyambire."

Kodi tingadziwe bwanji kuti pepalalo likugwira ntchito? Aphunzitsi asunge kope laling'ono kwa milungu iwiri. Vuto likachitika alembe nthawi, chimene chinachitika lisanayambe, ndi chimene chinathandiza. Mwina adzapeza kuti mnyamatayu amavutika Lolemba ndi Lachisanu mmawa basi, masiku a asembule, ataima pakati pa khamu loimba. Apo yankho ndi kumuimika kumapeto kwa mzere, kapena kumulowetsa m'kalasi nyimbo zisanayambe. Asinthe chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi sadzadziwa chimene chathandiza.

Pali zina zimene pepala silingathe. Mwana amene anali bwino akayamba mwadzidzidzi kugwira khutu kapena kudzimenya mutu, mwina khutu kapena dzino likumupweteka ndipo akulephera kunena. Ameneyo apite kuchipatala. Chimodzimodzinso amene amangoti duu kwa kanthawi osayankha kapena kugwa n'kumaphupha, chifukwa khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana a otizimu kuposa mwa anzawo. Pepalalo lisapachikidwe pakhoma poti aliyense aziwerenga. Likhale m'kaundula wa kalasi, makolo akhale ndi lawo, ndipo liwunikidwenso teremu iliyonse, makamaka mwana asanapite m'manja mwa mphunzitsi wa Sitandade 4.