Kuveka thanthwe chithunzi kuchokera mbali zitatu

Amene amasewera magemu a pakompyuta anaonapo phiri looneka bwino pamwamba, koma paphompho mwala uli mizeremizere yotsikira pansi. Nthawi zambiri chithunzi cha mwalacho chilibe vuto. Cholakwika ndi kayalidwe kake.

Phiri la m'gemu ndi chigoba chabe, ndipo maonekedwe a mwala amachokera ku chithunzi chafulati chimene amachiveka pachigobapo. Manambala awiri, U ndi V, ndiwo amauza kompyuta malo a m'chithunzimo oyenera kugwera pa kachigawo kalikonse. Akamapanga mtunda waukulu, ambiri amangoyala chithunzicho kuchokera kumwamba. Pamalo osalala zimayenda bwino, koma pamtsetse wa madigiri 60 chithunzi chimatalika kawiri, pa madigiri 80 pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Pakhoma loima chilili, mzere umodzi wa timadontho umakokedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Njira imene m'mapulogalamu imalembedwa kuti Triplanar imasiyiratu U ndi V. Kompyuta imaunikira chithunzi chomwecho katatu, kuchokera kumwamba, kumbali ndi kutsogolo, ngati anthu atatu ounikira mwala umodzi ndi matochi. Kenaka imaona kumene kachigawo kalikonse kaloza, n'kupatsa mphamvu zambiri chithunzi chochokera kumeneko.

```
w = pow(abs(N), 4);
w /= w.x + w.y + w.z;
c = tex(P.zy)*w.x + tex(P.xz)*w.y + tex(P.xy)*w.z;
```

Apa P ndi malo a kachigawoko, N ndi kumene kaloza, ndipo y ndi kumwamba. Titenge mtsetse wa madigiri 53, pomwe N ndi (0.8, 0.6, 0). Popanda nambala 4 ija, chithunzi chakumbali chimatenga 57 peresenti, chakumwamba 43, ndipo mwala umaoneka mbuu, ming'alu iwiri itasanjikizana. Ndi 4, chakumbali, chomwe n'chosakokeka kwambiri, chimatenga 76 peresenti, ming'alu n'kuoneka bwino. Mukaikweza kwambiri nambalayo, msoko umaonekera pamene zithunzi zakumana. Ine ndimaona kuti apa ndi poyenera kudekha, chifukwa diso la wosewera silichedwa kuona msoko.

Mu Blender njirayi ndi Box pa Image Texture, msoko n'kuufewetsa ndi Blend. Mu Unreal Engine muli WorldAlignedTexture.

Koma imalemetsa kompyuta. Mwala wokhala ndi zithunzi zitatu, cha mtundu, cha mabampu ndi cha kukhakhala, umawerengedwa kasanu ndi kanayi m'malo mwa katatu, zimene foni yotsika mtengo imavutika nazo. Komanso P akayezedwa potengera dziko lonse la m'gemu, mwala ukagubuduka chithunzi chimatsalira, n'kumaoneka ngati chikutsetsereka pamwalapo. Pa mwala woyenda, P ndi N ziziyezedwa potengera mwalawo.